Invoisi inati K13,281,000, ku banki kunalowa K12,749,760: zimene zinandichitikira pa msonkho wodulidwiratu

Mu chaka cha 2018 kampani yanga yaing'ono ya zomangamanga inapeza ntchito imene inali yaikulu kuposa zonse zimene tinali titagwirapo. Inali ntchito yomanga mpanda wa mabuloko ndi kanyumba ka alonda pa malo a kampani ina ku Kanengo, ndipo mtengo umene tinagwirizana unali K12,000,000 osaphatikizapo VAT. Kufikira nthawi imeneyo ndinkamangira anthu wamba nyumba zawo ku Eriya 25 ndi ku Eriya 49, anthu amene mukamvana mtengo amakupatsani ndalamayo monga momwe ilili, mwina pang'onopang'ono, koma osachotsapo kanthu. Sindinali nditalipidwapo ndi kampani yokhala ndi ofesi ya zachuma, ndipo sindinkadziwa kuti ndalama yolembedwa pansi pa invoisi imadutsa m'manja angapo isanafike kwa mwini ntchito. Ndalemba nkhaniyi ndi manambala ake onse chifukwa chimene chinandipweteka sichinali msonkhowo ayi, koma kusadziwa kuuwerengera ndisanayambe kulonjeza anthu ndalama.

Ndineneretu kuti maperesenti amene ali m'nkhaniyi ndi a nthawi imeneyo: VAT inali 16.5 peresenti, ndipo msonkho umene wolipira amadula pa malipiro a kontilakitala wa zomangamanga unali 4 peresenti. Maperesenti amenewa boma limatha kuwasintha pa bajeti, choncho musanagwiritse ntchito chitsanzo changa funsani ku MRA mlingo umene ulipo panopa. Kawerengedwe kake ndi komweko ngakhale nambala itasintha.

Ntchitoyo tinaimaliza kumayambiriro kwa Seputembala. Ndinakhala pansi usiku ndi kalikuleta n'kulemba invoisi: K12,000,000, kuwonjezerapo VAT ya K1,980,000, zonse pamodzi K13,980,000. Kenaka ndinatenga kope langa la ngongole n'kuyamba kugawa. Ku hadiweya ina ya ku Malangalanga, kumene ankandipatsa simenti, zitsulo ndi mabuloko pa ngongole, ndinali ndi K6,058,000. Amisiri ndi anyamata othandizira ndinayenera kuwamalizira malipiro okwana K3,100,000. Mchenga, kwale, madzi ndi thiransipoti zinali K2,300,000, ndipo mbali ina ya ndalama imeneyi ndinali nditabwereka kwa abale. Zonsezi zinakwana K11,458,000, ndipo nditachotsa pa K13,980,000 ndinaona K2,522,000 itatsala. Usiku umenewo ndinagona ndili ndi chimwemwe chachikulu, ndipo m'mawa mwake ndinapita ku Mchesi kukapereka dipoziti ya K300,000 pa makina osakanizira konkire amene munthu wina ankagulitsa pa mtengo wa K2,000,000, ndikumulonjeza kuti yotsalayo ndimupatsa mwezi usanathe.

Patapita sabata ziwiri invoisi ija inabwezedwa. Mayi wina wa ku ofesi ya zachuma anandiimbira foni n'kundiuza mwaulemu kuti ndinaiwala kuchotsa ritenshoni, ndipo anandiwerengera ndime ya mu kontilakiti imene ine mwini ndinasainira. Ndimeyo inkanena kuti 5 peresenti ya mtengo wa ntchito idzasungidwa kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuti ngati mpanda ungachite ming'alu kapena denga lingadonthe, ndidzabwere kudzakonza ndisanalandire yotsalayo. Ndinali nditaiwerenga ndimeyo tsiku losaina, koma maso anga anali pa mtengo, ndipo sindinaiyike m'masamu anga. Ndinalembanso invoisi ina kumapeto kwa Seputembala: K12,000,000 kuchotsapo K600,000 ya ritenshoni kunatsala K11,400,000, VAT ya ndalama imeneyo inali K1,881,000, ndipo pansi pake ndinalemba K13,281,000. Kulakwitsa kumeneku kunandichedwetsa pafupifupi mwezi wathunthu, chifukwa invoisi yatsopanoyo inayambiranso kumunsi kwa mulu wa zofunika kulipira.

Ndalama inalowa Lachisanu lina chapakati pa Okutobala. Ndinali pa ntchito ina ku Kawale pamene uthenga wa ku banki unafika pa foni, ndipo ndinaima pambali pa mulu wa mchenga n'kuuwerenga katatu. Unkanena K12,749,760. Ndinachotsa pamtima, kenaka pa kalikuleta ya pafoni, ndipo ndinapeza kuti K531,240 inali itasowa. Mtima unandigunda kwambiri, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti ganizo loyamba limene linandibwerera linali loipa: ndinaganiza kuti wina mu ofesi muja wadyapo. Ndinaimba foni Lolemba, ndipo amene anayankha anangoti, "Bambo, imeneyo ndi ya msonkho, timadula kwa aliyense." Sindinafunsenso kuti msonkho wanji, wa maperesenti angati, kapena wadulidwa pa ndalama iti. Ndinaopa kuoneka wovuta kwa anthu amene ndinkayembekezera kuti adzandipatsanso ntchito, ndiponso ndinachita manyazi kuti aona kuti sindidziwa zinthu zimene kontilakitala aliyense ayenera kudziwa. Mantha ndi manyazi amenewo ananditayitsa mwezi umene ukanandithandiza kwambiri, monga muone kutsogoloku.

Ndinalipira hadiweya, amisiri ndi ngongole zina zonse, ndipo mu akaunti munatsala K1,291,760. Apa m'pamene mnyamata amene ankatilembera mabuku anandikumbutsa kuti pofika pa 25 Okutobala tiyenera kupereka VAT ya Seputembala, popeza VAT imaperekedwa pofika pa 25 mwezi wotsatira. Pa K1,881,000 imene ndinalipiritsa, ndinaloledwa kuchotsa VAT imene ndinalipira pogula zipangizo, imene inali K858,000 malinga ndi malisiti a EFD ochokera ku hadiweya kuja. Yotsalayo, K1,023,000, inali ya boma kuyambira pachiyambi, ndipo ine ndinali wongoisunga chabe. Nditaipereka, pa ntchito yonse ya miyezi itatu ndinatsala ndi K268,760 m'manja, pamene ndinkayembekezera K2,522,000. Makina a konkire aja sindinathe kuwagula. Mwiniwake anandidikira mpaka mwezi unatha, kenaka anawagulitsa kwa wina n'kundibwezera K200,000 yokha pa dipoziti ija, ndipo sindinathe kumutsutsa chifukwa amene anaphwanya lonjezo ndinali ine.

Chapakati pa Novembala, Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, tinapita kukacheza kwa alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, amene anagwira ntchito ya akauntanti kwa zaka zambiri asanapume. Ndinawafotokozera nkhaniyi modandaula, monga munthu amene wataya ndalama ndipo akungofuna womumvera chisoni. Iwo sanandimvere chisoni msanga, koma anatuma mwana kuti abweretse cholembera, n'kutembenuza envulopu yakale imene inali patebulo.

"Alamu, anakudulani zingati ndendende?" anandifunsa.

Nditawauza, anandipempha mtengo wa ntchito usanaikidwe VAT, kenaka anagawa K531,240 ndi K11,400,000 n'kunditembenuzira kalikuleta kuti ndione. Inkasonyeza 0.0466.

"Palibe msonkho wa 4.66 peresenti," anatero. "Mukaona nambala imeneyi dziwani kuti wina watenga 4 peresenti pa ndalama yonse ya pansi pa invoisi, pamodzi ndi VAT yomwe. Yesani nokha."

Ndinatenga 4 peresenti ya K13,281,000, ndipo inatuluka K531,240, osaphonya ngakhale kwacha imodzi. Kwa nthawi yoyamba m'mwezi wonsewo ndinaona kuti ndalama ija sinangosowa mwachisawawa, koma inali ndi njira imene inadutsa, ndipo njirayo inali yotheka kuilondola.

Zimene anandiphunzitsa madzulo amenewo ndizifotokoza monga momwe ndinazimvera ndipo ndakhala ndikuzigwiritsa ntchito kuyambira tsiku limenelo. Lamulo la msonkho limalamula makampani, mabungwe ndi maofesi a boma kuti akamalipira anthu ena pa ntchito zina, azidula gawo la malipirowo n'kulitumiza ku MRA m'dzina la amene walipidwayo. Pa mapepala awo msonkho umenewu amaulemba kuti WHT. Wolipirayo sachita zimenezi mwa kufuna kwake, ndipo akapanda kudula, MRA imadzamufunsa iyeyo ndalamayo, n'chifukwa chake kupempha kuti akulipireni yonse sikuthandiza. Msonkhowu ndi wa pa zopeza zanu, choncho umawerengedwa pa mtengo wa ntchito yanu. VAT si chopeza chanu, ndi msonkho wina umene mukungotolerera boma, ndipo kudulapo 4 peresenti kuli ngati kukhomera msonkho pa msonkho unzake. Chotero pa invoisi yanga anayenera kutenga 4 peresenti ya K11,400,000, imene ndi K456,000, ndipo ku banki kunayenera kulowa K12,825,000. Kusiyana kwake ndi zimene ndinalandira kunali K75,240, imene ndi 4 peresenti ya VAT ija ya K1,881,000.

Anandilembera pa envulopu paja dongosolo limene masamuwo ayenera kutsata, ndipo ndinalikopera m'kope langa momwemo:

```
A = 12,000,000 - 600,000 = 11,400,000
VAT = A x 0.165 = 1,881,000
WHT = A x 0.04 = 456,000
A + VAT - WHT = 12,825,000
```

Chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi chakuti VAT ndi WHT zonse ziwiri zimachokera pa nambala imodzi, ya A, imene ndi mtengo wa ntchito ritenshoni itachotsedwa, koma ina imawonjezedwa pamene inayo imachotsedwa. Palibe imene imawerengedwa pamwamba pa inzake. Munthu akamvetsa zimenezi angathe kufupikitsa masamuwo, chifukwa kuwonjezera 16.5 peresenti n'kuchotsa 4 peresenti n'chimodzimodzi kuchulukitsa ndi 1.125, ndipo K11,400,000 kuchulukitsa ndi 1.125 imapereka K12,825,000 yomweyo. Kwa kontilakitala amene sanalembetse VAT, nkhaniyi ndi yapafupi kwambiri, chifukwa amangochulukitsa mtengo wake ndi 0.96, kotero kuti invoisi ya K1,000,000 imabweretsa K960,000.

Alamu anga anawonjezera chinthu china chimene ndikanakonda ndikanachidziwa usiku uja ndinkagawa ndalama m'kope. Ngakhale K12,825,000 ikanalowa yonse bwinobwino, si imene ndinayenera kuikira mapulani. Ndalama yoyenera kuyang'ana pofuna kudziwa zimene munthu angagwiritse ntchito ndi mtengo wa ntchito wopanda VAT, kuchotsapo ritenshoni, kuchotsaponso msonkho wodulidwawo. Phindu langa pa ntchitoyi linali K1,400,000, chifukwa zonse zimene ndinawononga, osawerengera VAT, zinali K10,600,000. Pa phindu limenelo K600,000 inatsalira ku Kanengo ngati ritenshoni, K531,240 inapita ku MRA, ndipo yotsalayo ndi K268,760 ija imene ndinaiona mu akaunti. Zodulidwa zonsezi zimaoneka zazing'ono zikamatchulidwa ngati 5 peresenti ndi 4 peresenti ya mtengo wa ntchito, koma sizichoka pa simenti kapena pa malipiro a amisiri, popeza zimenezo ziyenera kulipidwa zonse. Zimachoka pa phindu lokha, ndipo kwa ine zinadya magawo anayi mwa asanu a phindulo.

Ndinawafunsa ngati ndingakatenge K75,240 ija. Anayang'ana kalendala ya pakhoma n'kupukusa mutu. Wodula msonkho amayenera kuutumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, choncho ndalama imene inadulidwa mu Okutobala inali itapita kale pofika pa 14 Novembala, masiku ochepa ndisanafike kwawoko. Ndikanafunsa bwino Lolemba lija, kulakwitsako kukanakonzedwa mu ofesi momwemo ndipo akanandiwonjezera ndalamayo asanatumize. Apa ndinamva kupweteka kwambiri, chifukwa ndinali ndi masabata pafupifupi anayi oti ndifunse funso limodzi lokha, ndipo ndinakhala chete.

Komabe anandiuza kuti ndalamayo sinatayike, ndipo apa m'pamene maganizo anga pa nkhani yonseyi anatembenuka. Kwa kontilakitala, msonkho wodulidwiratu si msonkho wapadera wowonjezera pa ina. Ndi kulipiriratu msonkho wa pa phindu umene ukanadzaperekedwabe pakutha pa chaka. Mabuku akatsekedwa n'kuwerengera msonkho wa chaka chonse, zonse zimene anakudulani zimachotsedwa pa msonkhowo, ndipo mumangolipira zotsala. Koma kuti zimenezi zitheke pamafunika umboni, ndipo umboniwo ndi setifiketi imene wodulayo ayenera kukupatsani, yosonyeza dzina lanu, TPIN yanu, imene ndi nambala yanu ya msonkho ku MRA, ndalama imene munalipidwa, mlingo wa msonkho ndi ndalama imene inadulidwa.

"Setifiketi yanu ili kuti, alamu?" anandifunsa.

Ndinalibe, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti iliko.

Mawa lake ndinakwera minibasi ya ku Kanengo nditanyamula kope la invoisi, sitetimenti ya ku banki ndi envulopu ija. Mayi amene anandiimbira za ritenshoni aja anandilandira, ndipo nditawaonetsa masamuwo anangoyang'ana kamodzi n'kuvomereza. Anandifotokozera kuti malipiro anga anakonzedwa ndi munthu amene anali atangoyamba kumene ntchito, amene anatenga nambala ya pansi pa invoisi m'malo mwa ya pamwamba. Anapepesa, ndipo ndinaona kuti panalibe chinyengo chilichonse, zimene zinandichititsa manyazi ndi maganizo amene ndinali nawo pa mulu wa mchenga paja. Anatsimikizira zimene alamu anga ananena, kuti ndalamayo inali itatumizidwa kale, ndipo tinagwirizana kuti setifiketi isonyeze K531,240 yonse kuti ndidzaichotse pa msonkho wanga. Ndiyeneranso kunena kuti invoisi yanga inathandizira kulakwitsako, chifukwa nambala ya pansi ndinailemba ndi zilembo zazikulu n'kuidula mzere kunsi, pamene mtengo wopanda VAT unali wobisika pakati pa mizere ina.

Setifiketiyo inandivuta kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinapita ulendo woyamba patapita sabata, koma woisainira anali atachoka. Ulendo wachiwiri ndinailandira n'kubwerera nayo kunyumba mosangalala, ndipo anali mayi akunyumba amene anaona, akuiyerekeza ndi pepala la kalembera wa kampani, kuti manambala awiri a TPIN anali atasinthana malo. Setifiketi yokhala ndi TPIN yolakwika ndi yoopsa kuposa kusowa kwake, chifukwa munthu amaisunga mu fayilo ali ndi mtendere, pamene ndalamayo siikuoneka pa dzina lake. Ndinabwereranso kachitatu ndi kalata yopempha kuti akonze setifiketiyo pamodzi ndi zimene anatumiza ku MRA, ndipo yolondola ndinailandira kumayambiriro kwa Januwale, patapita masabata asanu ndi awiri kuchokera pamene ndinayamba kuifunsa. Maulendo onsewo anandidyera masiku anayi a ntchito, ndipo nthawi imeneyo mvula inali itayamba, pamene tsiku lililonse lopanda mvula ndi lamtengo wapatali kwa womanga. Masiku ano zambiri za misonkho zimachitikira pa Msonkho Online, koma udindo wotsimikiza kuti ndalama yodulidwayo yalembedwa pa TPIN yoyenera ukadali wa amene wadulidwayo, chifukwa ndiye amene amataya ikalembedwa kwina.

Mabuku a kampani yathu tinkatseka pa 30 Juni, ndipo titawerengera msonkho wa chaka chimenecho ndinaona ndi maso anga zimene alamu anga ankanena. Msonkho wa kampani unali 30 peresenti ya phindu. Ndikaitenga ntchito ya ku Kanengo payokha, phindu la K1,400,000 linkayenera msonkho wa K420,000, pamene ndalama imene anali atandidula inali yoposa pamenepo. Yapamwambayo inathandiza kulipira msonkho wa ntchito zina zimene ndinagwirira anthu wamba, amene sanadulepo kanthu, choncho K75,240 ija inabwerera kwa ine m'njira imeneyo, koma patapita miyezi yambiri ndiponso popanda chiwongoladzanja. Pamenepa pali masamu ena amene womanga aliyense ayenera kuwadziwa: 4 peresenti ya mtengo wa ntchito imafanana ndi 30 peresenti ya phindu pokhapokha phindulo likakhala pafupifupi 13 peresenti ya mtengowo. Ngati phindu lanu ndi lochepera pamenepo, ndipo ntchito zanu zonse ndi za makampani odula msonkho, ndiye kuti chaka chilichonse mumalipiriratu zoposa zimene muyenera, ndipo ndalama yanu imakhala ku MRA kudikira kubwezedwa kapena kuchotsedwa pa msonkho wina.  

Nditadziwa zonsezi ndinayesedwa kuti ndizingokweza mitengo yanga ndi 4 peresenti kuti ndizilandira zimene ndikufuna. Alamu anga anandichenjeza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, masamu ake si otero: munthu wosalembetsa VAT amene akufuna kuti m'manja mufike K2,000,000 akawonjezera 4 peresenti amalemba K2,080,000, koma wodula amatenga 4 peresenti ya nambala yatsopanoyo, K83,200, ndipo amalandira K1,996,800. Njira yolondola ndi kugawa K2,000,000 ndi 0.96, zimene zimapereka K2,083,333. Chachiwiri, ndipo ndi chimene chinandigwira mtima, msonkhowu si chinthu chowonongedwa ngati simenti, popeza umadzachotsedwa pa msonkho wa chaka. Kuuika pa mtengo kumangokweza kotesheni yanu pamaso pa anzanu opikisana nawo. Chofunika si kukweza mtengo, koma kudziwiratu kuti gawo limenelo silifika mwezi uno, n'kusalonjeza munthu aliyense ndalamayo.

Chinthu china chimene ndinasintha ndi mawu ofotokoza ntchito pa invoisi. Mlingo wa msonkhowu umadalira mtundu wa malipiro, ndipo nthawi imeneyo wogulitsa katundu ankadulidwa 3 peresenti, womanga 4 peresenti, pamene wonyamula katundu ankadulidwa 10 peresenti. Amene akukonza malipiro mu ofesi sanaone mpanda wanu, amangoona mawu amene mwalemba, ndipo mawuwo akakhala osamveka angathe kukuikani m'gulu la mlingo wokwera. Tsopano ndimalemba momveka kuti ndi ntchito yomanga, ndi nambala ya kontilakiti pambali pake. Mtengo wopanda VAT ndimauika pa mzere wakewake woonekera bwino, ndipo kunsi kwenikweni ndimawonjezera mizere iwiri yosonyeza WHT imene ndikuyembekezera kuti idulidwe ndi ndalama imene iyenera kulowa ku banki. Mizere imeneyi siisintha mtengo wa invoisi, koma imachititsa kuti wokonza malipiro akapeza nambala yosiyana ndi yanga aime kaye n'kundiimbira. Ndalama ikalowa, tsiku lomwelo ndimachotsa yolowayo pa ya invoisi, n'kugawa kusiyanako ndi mtengo wopanda VAT. Pa maperesenti a nthawi ija, yankho likakhala 0.04 ndiye kuti zili bwino, likakhala 0.0466 ndiye kuti adula pamodzi ndi VAT, ndipo likakhala nambala ina ndimapempha kapepala kofotokoza malipiro kuti ndione ngati agwiritsa ntchito mlingo wina kapena achotsapo chinthu china cha mu kontilakiti. Zonsezi ndimazichita pasanafike pa 14 mwezi wotsatira.

Miyezi isanu ndi umodzi ija itakwana, ndinapita ku Kanengo ndi mmisiri mmodzi kukayendera mpanda uja pamodzi ndi woyang'anira malowo. Panali mng'alu umodzi waung'ono pafupi ndi geti, umene tinaumata tsiku lomwelo, ndipo anandisainira kuti ritenshoni itulutsidwe. Ndinalemba invoisi ya K600,000, VAT ya K99,000, zonse pamodzi K699,000, ndipo kunsi ndinaonetsa kuti WHT ndi K24,000 ndiponso kuti ku banki kuyenera kulowa K675,000. Pa tsamba lomwelo ndinalemba TPIN ya kampani kawiri, pamwamba ndi pansi, ndipo m'kalata yoperekezera ndinapempha kuti setifiketi ikonzedwe pamodzi ndi malipiro. Patapita masabata atatu uthenga wa ku banki unafika ukunena K675,000, ndipo madzulo omwewo ndinapatula K99,000 n'kuisamutsira ku akaunti ina imene ndinatsegulira VAT yokha. Setifiketi ya K24,000 ndinakaitenga Lachisanu la sabata yomweyo, ndipo ndisanatuluke pa geti ndinaima pamthunzi wa kanyumba ka alonda kamene tinamanga kaja n'kuwerenga manambala a TPIN limodzi ndi limodzi.